Loko muike pa dikoda, TV ibwere pambuyo

"Anzanga ndithandizeni. Ndinaika pini pa TV yathu ya Samsung koma ana akuonerabe chilichonse pa DStv, mpaka nyimbo zovina osavala zija. Wamng'ono ali ndi zaka 6, wamkulu 10, komanso tikukhala ndi mwana wa achimwene wa zaka 15. Ine ndimaweruka mochedwa. Nditani?"

Achemwali, piniyo ikugwira ntchito, kungoti ili pamalo pomwe zithunzi za DStv sizidutsa. Loko wa matchanelo wa pa TV amalamulira matchanelo okhawo omwe TV ikukoka yokha kudzera pa eriyo. Zomwe zikuchokera pa dikoda zimalowa ndi chingwe cha HDMI, ndipo TV imangoziona ngati chithunzi chimodzi, sidziwa kuti iyi ndi katuni kapena filimu ya akuluakulu. Zili ngati mwakhoma chitseko cha kumaso pamene ana amalowera cha kukhitchini. Ndiye siyani kaye rimoti ya TV, mutenge ya dikoda.

Dinani batani la buluu lolembedwa DStv, pitani pa Settings, kenako Parental Control. Ikufunsani manambala anayi. Ngati palibe amene anasinthapo, lembani 1234. Imeneyi ndi pini yomwe dikoda imabwera nayo kuchokera kusitolo, ndipo pa GOtv ndi yomweyinso, kungoti kumeneko mumalowera pa Menu. Mukalowa, musanakhudze china chilichonse, sinthani piniyo. Mnyamata wa zaka 15 uja 1234 akuidziwa, kapena akhoza kuilota asanathe mphindi imodzi. Musaike chaka chomwe munabadwa, chaka cha ukwati, manambala omaliza a foni yanu, kapena pini yanu ya Mpamba ndi Airtel Money, chifukwa iyi mudzakhala mukuilemba pabalaza anthu akuona. Sankhani manambala opanda tanthauzo, muwasunge mufoni mwanu pa dzina lomwe mwana sangaliganizire. Mukaiiwala n'kumangoyesayesa, dikoda imatseka, ndipo pamafunika kuimbira a kampani kuti akutsekulireni, atakufunsani nambala ya khadi la m'dikodamo.

Tsopano pezani pomwe palembedwa Global Blocking. Pali zosankha zitatu. No Block ndiye kuti palibe chotsekedwa, ndipo ndikukhulupirira kuti yanu ili pamenepo. Total Block imatseka zonse, ngakhale makatuni, mpaka wina alembe pini. Personalise ndi yomwe mukufuna inu, chifukwa imakulolani kusankha msinkhu komanso kutseka matchanelo amodziamodzi.

Za msinkhuzi zimayenda chonchi. Pulogalamu iliyonse imabwera ndi chizindikiro chake, monga FAM ya banja lonse, PG yofunika kholo likhale pafupi, kenako 13, 16 ndi 18. Mukadina batani la i pa rimoti pulogalamu ili mkati, chizindikirocho chimaoneka pamodzi ndi dzina la pulogalamuyo ndi nthawi yake. Dikoda imayerekeza chizindikirocho ndi malire omwe mwaika. Chikapitirira malire, chithunzi ndi mawu zimazima, pamabwera kabokosi kofunsa pini. Kunyumba kwanu malire muwaike poyang'ana wa zaka 6 uja, osati wamkulu, pakuti onse amakhala pa mpando umodzi ndipo rimoti imakhala kwa wamphamvu. Ine ndikanakhala inu ndikanatseka kuyambira pa 13 kupita m'mwamba. Mukasankha, musangokhulupirira. Tulukani, mupeze pulogalamu yolembedwa 13, muone ngati ikufunsa pini. Ikatseguka, ndiye kuti mulingo womwe mwasankha ukulola 13 yo, bwererani mutsitse ndi sitepe imodzi.

Apa ndi pomwe makolo ambiri amalekera, n'kumati zatha. Koma nyimbo mukudandaula nazozo loko wa msinkhu sazigwira bwino. Chizindikiro chimaikidwa pa pulogalamu yonse, osati pa kanema aliyense ali mkatimo. Pa tchanelo cha nyimbo pulogalamu imodzi ikhoza kutenga maola awiri, muli nyimbo zosiyanasiyana, zina zabwinobwino zina zoti simungaonere pamodzi ndi apongozi, koma zonse zili pansi pa chizindikiro chimodzi. N'chimodzimodzi nkhani. Pulogalamu ya nkhani kawirikawiri imadutsa popanda chotchinga, chonsecho ikhoza kuonetsa mitembo ya kunkhondo masanasana. Malonda ndi tizidutswa tolengeza mafilimu a usiku nazo zilibe chizindikiro chawochawo. Dikoda siona chithunzi, imangowerenga nambala yomwe yatumizidwa.

N'chifukwa chake pali loko wachiwiri, wotseka tchanelo chonse. Mu Parental Control momwemo muli malo olembapo matchanelo oti atsekedwe kaya pakuonetsedwa chiyani. Pezani madzulo amodzi, mukhale pansi ndi kapepala, muyende matchanelo onse a phukusi lomwe mumalipira, mukulemba omwe simukuwafuna. Yambirani a nyimbo. Taonani mmene anawayalira: a ana ali kumayambiriro kwa ma 300, Cartoon Network pa 301, Disney Channel pa 303, Nickelodeon pa 305, ndipo mukangopitirira pang'ono mwafika pa Channel O, yomwe ili pa 320, ndi anzake a nyimbo. Mwana wa zaka 6 safunika kuzisaka. Akatopa ndi katuni amangodinadina batani lokwezera tchanelo, basi wafika. Mukatha a nyimbo muganizire a masewero a chikondi opitirira aja, monga Telemundo pa 118. Apa mukhoza kukangana ndi antchito kapena azakhali omwe amatsatira nkhaniyo tsiku ndi tsiku, ndiye mugwirizane nawo nthawi yoonera.

Pali matchanelo ena omwe amangobwera kwa nyengo. Big Brother akayamba, amatsegula 198, yoonetsa usana ndi usiku. Tchanelo chotere sichikhala pa mndandanda wanu chifukwa tsiku lomwe munkatseka chinalibe kanthu. Loko wa msinkhu amayenera kuchigwira popeza ndi cha akuluakulu, komabe mukamva kuti chayamba, chionjezereni nokha. Muchitenso chimodzimodzi mukakweza phukusi, kapena kampani ikakutsegulirani matchanelo owonjezera aulere pa nyengo ya zikondwerero. Omwe abwera kumenewo amabwera osatsekedwa.

Nanga mnyamata wa zaka 15 uja? Sindikuona chilungamo kumumangirira pa makatuni chaka chonse, ndipo mukatero ndiye mwamupatsa chifukwa chosakira pini. Mpira sukhudzidwa, azionera. Filimu ya 13 akaifuna, muzimutsegulira inu ang'onoang'ono akagona. Koma pini musamupatse, ngakhale atalumbira. Si kuti ndi mwana woipa, koma akaidziwa iye, wa zaka 10 aidziwa sabata isanathe. Polemba, dziwani kuti pa TV pamangooneka tinyenyezi, koma ana sayang'ana pa TV, amayang'ana chala chanu pa rimoti. Phimbani ndi dzanja linalo monga mumachitira pa makina otapira ndalama. Mukatha kuonera zanu usiku, musangozimitsa TV n'kusiya dikoda ili pa tchanelo chomwe munatsegula. Bwezerani pa cha ana, kenako muyese kubwerera, muone ngati ikufunsanso pini.

Tibwerere ku Samsung yanu ija, chifukwa nayo ili ndi ntchito yake. Mukatseka dikoda, ana asamukira pa YouTube ndi Netflix ngati TV yo ili pa intaneti, ndipo kumeneko pini ya DStv ilibe mphamvu. Choyamba onani kuti pini ya TV si 0000, yomwe Samsung ndi LG zimabwera nayo. Kenako lowani pa Apps, mupite pa Settings ya pamenepo, musankhe pulogalamu yomwe mukufuna, mudine Lock. Tsekani YouTube ndi pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, yomwe ambiri amaiiwala. Ena akuuzani kuti mungoyatsa Restricted Mode mu YouTube. Imasefa ndithu zina, koma ilibe pini, mwana akhoza kuizimitsa pomwe inu munaiyatsira. Kwa wa zaka 6 bola YouTube Kids ya pa foni, yomwe imagawa misinkhu patatu: zaka 4 kutsika pansi, 5 mpaka 8, ndi 9 mpaka 12. Kumeneko muikenso nambala yanuyanu, chifukwa mukapanda kutero chotchinga chake ndi samu yochulukitsa, yomwe wa Sitandade 5 amaiyankha osaganiza n'komwe.

Pa Netflix ambiri amapangira ana mbali yawo ya Kids n'kusiya ya bambo ili pululu pambali pake. Mwana amangosuntha kamodzi n'kulowa mwa bambo. Chofunika ndi Profile Lock, pini ya manambala anayi yomwe mumaika pa mbali ya munthu wamkulu aliyense, kudzera pa Account. Ya ana ndi yokhayo yotsala yosakhoma.

Chomwe palibe pini ingachigwire ndi fulashi. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa omwe ana amakaikitsa kumsika sakhala ndi chizindikiro cha msinkhu chomwe makina angawerenge, ndiye mukabaya fulashi kumbuyo kwa TV chilichonse chimasewera. Ndipo poti womasulirayo amaseketsa, akuluakulu timaiona ngati nthabwala pomwe filimuyo ndi ya 18. Pamenepo palibe kuchitira mwina, fulashi iliyonse yolowa m'nyumba muziyamba mwaiona inu.

Kuti mudziwe ngati loko wanu akadalipo, kamodzi pa sabata yesani tchanelo chimodzi chomwe munatseka. Magetsi akazima zomwe munaika sizifufutika, ndiye wina asakunamizeni kuti ndi kuthimathima kwa magetsi kwatsegula. Mukapeza tchanelo chotseguka koma pini yanu ikugwirabe, ndiye kuti wina anaiona ndipo analowa n'kusintha, sinthani pini tsiku lomwelo. Mukapeza pini ya TV yabwerera pa 0000, ndiye kuti wina anaibwezera pachiyambi. Njira zochitira zimenezo ndi rimoti zili mbwee pa intaneti, ndipo mnyamata amene ali ndi foni ndi bando ya tsiku limodzi akhoza kuzipeza. Zikafika pamenepo muchotse TV yo pa intaneti nthawi yomwe muli kuntchito, musinthe nambala yachinsinsi ya intaneti ya m'nyumba, ndipo mukhale naye pansi mnyamatayo, makamaka achimwene anu ali pa foni akumva.