Masiku 7 aulere anandidyera K70,000 ya fizi

"Abale, pulogalamu ina ya pafoni ikuti ndiyesere kwaulere masiku 7, koma ikufuna manambala a khadi langa la ku banki. Kodi ndi zaulere ndithu? Nanga masikuwo akatha chimachitika n'chiyani?"

Achimwene, musanalembe manambala a khadilo werengani kaye zimene zinandigwera ine, chifukwa mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Mchemwali wanga ankakwatiwa, ndipo ntchito yokonza makadi oitanira anthu komanso kakanema kotumiza pa magulu a abale inagwera ine. Ndinapeza pulogalamu yokonzera zithunzi ndi makanema yomwe sindiitchula dzina, ndipo Lachiwiri usiku cha m'ma 9 koloko ndinadina batani lalikulu lolembedwa "Start free trial". Pamwamba pa batanilo panali mtengo wa $3.33 pamwezi, wolembedwa m'zilembo zikuluzikulu, ndipo ndinaganiza kuti ngakhale nditaiwala kuletsa, ndalama imeneyo siingandigwetse. Chimene sindinawerenge ndi kamzere kotuwa ka m'munsi, komwe kankanena kuti masiku 7 akatha adzadula $39.99 ya chaka chonse nthawi imodzi. Mtengo wa pamwezi uja unali chabe mtengo wa chaka atauugawa ndi 12.

Ntchito ndinaimaliza Lachisanu, ndipo tsiku lomwelo ndinafufuta pulogalamuyo m'foni, n'kumaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Kufufuta pulogalamu sikuletsa mgwirizano, chifukwa mgwirizanowo sukhala m'foni koma mu akaunti yanu ya Google kapena ya Apple, pamodzi ndi khadi lomwe munalembetsa. Foni mukhoza kuigulitsa kapena kuitaya m'madzi, koma tsiku likakwana ndalama idzadulidwa ndithu.

Lachitatu la sabata yotsatira ndinapita kusukulu ya mwana wanga kukamaliza fizi. Foni inali itazima chifukwa magetsi anathima usiku wonse, choncho uthenga wa ku banki sindinauone. Ndinaima pamzere pafupifupi ola lathunthu, mwana ali pambali panga atavala yunifolomu, ndipo nditafika pa zenera mayi wolandira ndalama analowetsa khadi m'kamakina kawiri konse, kenako anandibwezera n'kunena motsitsa mawu kuti ndalama sizikukwana. Ndinaumirira kuti ayesenso, popeza dzulo lake masana ndinali nditaona ndi maso anga kuti ndalama zilimo. Makolo amene anali kumbuyo kwanga anayamba kung'ung'udza, mwana anandigwira malaya n'kundifunsa ngati abwererenso kunyumba, ndipo ine ndinasowa choyankha. Nditatchaja foni pa kashopu ka pafupi ndi geti, ndinapeza uthenga wa usiku wa Lachiwiri wonena kuti pafupifupi K70,000 yachoka. Madola 39.99 pa mtengo wa ku banki wa nthawiyo, wa pafupifupi K1,750 pa dola, ankakwana ndalama imeneyo.

Onani bwino nthawiyo. Ine ndinkawerenga masiku ngati mmene timawerengera kwathu kuno, kuti bola dzuwa la tsikulo lisanalowe, mwinanso ndili ndi mpata mpaka m'mawa mwake. Makina sawerenga choncho. Amawerenga kuyambira pa ola limene munadina batani, ndiye ngati munayamba Lachiwiri 9 koloko usiku, ulere umatha Lachiwiri linalo pa ola lomwelo, muli mtulo kapena muli maso. Amene muli ndi mafoni a iPhone samalani koposa, chifukwa a Apple amanena okha kuti muletse kukadali maola osachepera 24 nthawi yoyeserayo isanathe. Tsiku lenileni limalembedwa pa imelo imene amakutumizirani mukangolembetsa, yomwe ine sindinaitsegule n'komwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi khalidwe la eni pulogalamu ija. Munthu amene amalemba mtengo waung'ono m'zilembo zazikulu, mtengo weniweni n'kuubisa m'tizilembo totuwa, amadziwa bwino lomwe chimene akuchita, ndipo amadalira kuti anthu otanganidwa ngati ine aiwale. Sananditumizire chikumbutso chilichonse kuti mawa tidula ndalama, koma imelo yondithokoza chifukwa cholipira inabwera mphindi yomweyo. Ndinathamangira ku banki, kumene ndinataya masiku awiri ndikudzaza mafomu, mapeto ake n'kundiuza kuti sangachitepo kanthu popeza khadi ndinalembetsa ndekha, kutanthauza kuti ndinavomereza. Pamene mnzanga wina ankandiuza kuti pa Google Play munthu angathe kupempha kuti amubwezere ndalama mkati mwa maola 48 chidulireni, ndipo pambuyo pake amakuuza kuti ulankhule ndi eni pulogalamu, maolawo anali atadutsa kale. Ndinawalembera eni akewo katatu, ndipo yankho linali limodzimodzi, lakuti malamulo awo ndinawavomereza ndisanayambe.

Palinso china chimene anthu sachidziwa, chokhudza zimene zimasintha ulere ukatha. Mwa masiku 7 aja ndinkagwiritsa ntchito zonse, zilembo zokongola, nyimbo za kumbuyo, ndiponso kutulutsa kanema wooneka bwino wopanda chidindo cha kampani. Chaka chitatha n'kuleka kulipira, ntchito zanga zakale zinalipo ndithu, koma chilichonse chimene ndinakonza ndi zida zolipiritsa chinali chokhoma, ndipo ndikafuna kuchitulutsa chinkabwera ndi chidindo pakona. Choncho chilichonse chimene mwakonza m'masiku aulerewo muchitulutse ndi kuchisunga m'foni mwanu nthawi isanathe. Musayembekezenso kuti adzakupatsani masiku ena aulere, chifukwa kawirikawiri mwayiwu umaperekedwa kamodzi pa akaunti imodzi.

Langizo langa loyamba ndi lakuti khadi limene mumasungiramo fizi, lendi kapena ndalama ya mankhwala lisayandikire zinthu zimenezi ngakhale pang'ono. Komabe sindinganame, pulogalamu ija inali yabwino, ndipo popeza ndinali nditalipira kale ndinaigwiritsa ntchito chaka chonse, mpaka ndinakonzera anthu makadi a maukwati ndi a zinkhoswe n'kubwezako gawo la ndalama yanga. Ndiye ngati mukuifunadi, yeserani, koma musanadine batani fufuzani mawu akuti "billed annually" kapena "per year", ndipo ngati pali mwayi wosankha, sankhani ya pamwezi. Mukangolembetsa, letsani tsiku lomwelo osadikira la 6. Pa foni ya Android tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pakona yakumanja, kenako "Payments & subscriptions", "Subscriptions", sankhani pulogalamuyo ndi kudina "Cancel subscription". Pa Google Play nthawi zambiri mumapitiriza kuigwiritsa ntchito mpaka masiku aulerewo atatha ngakhale mwaletsa, koma werengani uthenga umene ukubwera musanatsimikize, chifukwa makampani ena amatseka pomwepo. Ngati munalembetsa pa tsamba la kampaniyo osati kudzera mu Play Store, dzina lake simulipeza pamndandandawo, ndipo muyenera kukaletsa pa tsamba lomwelo. Mukamaliza, bwererani pa "Subscriptions" mukaone ngati palembedwa tsiku limene zithere m'malo mwa tsiku limene adzadule ndalama, ndipo mujambule chithunzi cha sikiriniyo kuti mukhale ndi umboni.