Matailosi anandidyera phindu ndikuyang'ana

"Achimwene, kontena yanga yafika kudzera ku Beira, muli katundu wamitundumitundu. Ndalama za mayendedwe, dyute ndi za ejenti wokiliyalitsa ndizigawe bwanji mu Odoo, pulogalamu yathu yowerengera katundu ndi ndalama? Akaunti wathu akuti tingogawa zonse potengera mtengo wa pa invoisi basi."

Mlongo wanga, akaunti wanuyo ndi ine ndendende zaka zapitazo, nde mundilole ndiyambe ndaulula tchimo langa.

Ndinkagwira pa hadiweya ina ku Limbe, dzina sinditchula, bwana anaitanitsa kontena ya matailosi ndi mipope ya kubafa. Manambala ndawasalaza kuti masamu asavute. Matailosi mabokosi 1,000, lililonse K20,000 pa invoisi, kulemera makilo 20. Mipope 500, uliwonse K40,000, makilo awiri okha. Mwaona kale kuti mbali iliyonse ndi K20 miliyoni, ndiye pamene panali msampha.

Sitima ndi thiraki mpaka kudutsa pa Mwanza zinadya K10.5 miliyoni, dyute nayo K10.5 miliyoni, ejenti K800,000. Ine ndi ulesi wanga wa Lachisanu madzulo ndinangophatikiza zonse, K21.8 miliyoni, ndikugawa pakati poti mitengo ya pa invoisi ikufanana. Bokosi la matailosi linatuluka K30,900, mpope K61,800. Bwana anaika matailosi pa K36,000 akumwetulira kuti bokosi lililonse likubweretsa K5,100.

Matailosi aja anayenda ngati zitumbuwa zapa depoti, amisiri kumauzana okhaokha kuti kwakuti kwatchipa. Mipope inangokhala pa shelefu kumadya fumbi chifukwa tinaikweza mtengo, ndikukumbuka mnyamata wa m'sitolo akuipukuta ndi kansanza m'mawa uliwonse. Sisitimu ikuonetsa phindu, koma kubanki ndalama zoitanitsira matailosi ena sizikukwana.

Anatitsegula maso ndi mayi wina wa oditi. Anangofunsa kuti kodi thiraki ija imalira ndi chani pokwera mapiri, mipope kapena matailosi? Kontena yonse inali makilo 21,000 ndipo 20,000 anali matailosi. Kugawa K10.5 miliyoni pa makilo amenewo kilo iliyonse ndi K500, kutanthauza bokosi limayenera kusenza K10,000, mpope K1,000 yokha. Kenako anatenga dikilaleshoni ya MRA ija imatuluka mu sisitimu yawo ya kasitomu ya ASYCUDA, pomwe katundu aliyense ali pa mzere wake ndi khodi yake ya tarifi, matailosi analipira K7.5 miliyoni, mipope K3 miliyoni. Ndiye K7,500 pa bokosi, K6,000 pa mpope. Za ejenti zokha ndi zomwe anavomera kugawa ndi mtengo, K400 ndi K800. Bokosi linafika K37,900. Timagulitsa K36,000. Bokosi lililonse lotuluka pakhomo limapita ndi K1,900 yathu, pomwe mpope unali K47,800 basi, tikanatha kuutsitsa n'kugulitsa kalekale.

Nde ine zoti "tingogawa ndi mtengo" ndimakana, ndipo pa dyute ndimakanitsitsa. Dyute sagawa mongoganizira ayi, boma linakugawirani kale mzere ndi mzere, inu ntchito yanu nkukopera. Anthu amati kusiyana kwake nkochepa, eya nkochepa ngati kontena yonse ndi katundu wofanana. Koma mukasakaniza cholemera chotchipa ndi chopepuka chodula, chimodzi chimabereka chinzake kumsana osadziwa.

Komanso ma ejenti ena, abale inu, amangotumiza pepala limodzi lolembedwa ndalama yonse pamodzi. Likaneni. Muwauze aphwanye, dyute payokha, VAT payokha, malipiro awo paokha. Ngati munalembetsa VAT, ija mwalipira pa boda mumakaiitanitsanso ku MRA, nde isalowe mu mtengo wa katundu, mukaiikamo katundu wanu adzaoneka wodula chabe.

Mu Odoo muchite chonchi

Pa `Landed Costs` ikani ndalama iliyonse pa mzere wake. Mayendedwe musankhe `By Weight`, kapena `By Volume` ngati katundu wanu ndi wodya malo ngati mabigili apulasitiki. Ejenti ndi inshuwalansi `By Current Cost`. Dyute mukadina `Compute` mukonze manambala pamanja kuti afanane ndi dikilaleshoni. Onetsetsani kuti njira yowerengera mtengo ya gulu la katunduyo ili pa `FIFO` kapena `AVCO`, pa `Standard Price` zimakana, ndipo katundu aliyense akhale ndi kulemera kwake pa khadi lake chifukwa amene ali ndi 0 salandira kanthu, mayendedwe onse amagwera anzake. Ndipo musayambe kuika mitengo yogulitsira invoisi ya ejenti isanabwere, ikachedwa mufunseni nambala yake pafoni muwerengere nayo kaye, poti gawo la katundu amene watuluka kale limangopita ku ndalama zowonongedwa, kasitomala uja simungamuitanenso kuti adzawonjezere.