Yankho la amalume pa nkhani ya pepala la shopu

"Amalume, landilodi wa shopu ija ya ku Kapata wandipatsa agirimenti ya mapeji anayi, akuti ndisaine pofika Lachisanu. Renti ndi K2,500, dipoziti miyezi iwiri, ikuoneka ili chabe bwino. Ndisaine? Sindifuna kuiponya pano pa gulupu chifukwa muli reji yanga ndi zina zambiri."

Ee mphwanga, ndamva meseji yako, pepa ndachedwa ndinali ku munda netiweki kulibe. Lomba mvera. Ine sindingakuuze kuti saina kapena usasaine pa chinthu chimene sindinachione, ayi. Zimene wandiuzazo ndi zimene iwe wakumbukira, ndipo munthu amakumbukira zimene zamukondweretsa. Ine zaka zija ndinali kalaliki mu ofesi ya maloya ndinaona kuti pamene anthu amagwera si pa renti, renti aliyense amaiona, amagwera pa kachiganizo kakang'ono ka pa peji yachitatu kamene anakadumpha chifukwa Chizungu chake chinali chokhota.

Ndikupatse chitsanzo. Mayi wina wa ku tchalitchi kwathu anatenga shopu, renti ngati yakoyo, dipoziti K5,000. Anandifunsa pa foni ngati mmene wachitira iwemu, ati landilodi wanena kuti dipoziti adzabweza, ine ndi kupusa kwanga ndinati basi ngati adzabweza zili bwino. Patapita miyezi isanu ndi itatu bizinesi yavuta, mayi afuna kutuluka, anauza landilodi pakamwa kuti kumapeto kwa mwezi ndichoka. Tsiku lomwe anabweretsa pepala lija kunyumba, akulira, ndipamene ndinaliwerenga. Inde panalembedwa kuti dipoziti ibwezedwa, koma kutsogolo kwake panali mawu akuti malinga ndi kilozi 9. Kupita pa kilozi 9, akuti wofuna kutuluka apereke notisi yolemba ya miyezi itatu, akapanda kutero dipoziti yapita. Ndiye werenga wekha, miyezi itatu ndi K7,500, mayi uja kuti apulumutse K5,000 yake anafunika kukhalamo akulipira miyezi ina itatu mu shopu yosagulitsa. Anangoisiya. Mpaka lero tikakumana ndimachita manyazi.

Ndiye ndikati tumiza, tumiza mapeji onse anayi, osati kudula kapeji kamodzi komwe ukuganiza kuti ndi kofunika, chifukwa makilozi amaitanizana, iyi ikuloza ija, ija ikuloza ka ndandanda ka kumapeto. Tembenuza uone ngati kumbuyo kulibe zolemba. Ngati pali pamene landilodi waonjezera ndi bolopeni, kapena wafufuta, pamenepo ndiye ndipofuna kuona kwambiri. Jambula masana, pepala ligone pa tebulo, nambala ya peji ioneke.

Za kubisa wachita bwino kuganiza, gulupu ino ili ndi anthu ambiri ndipo mafoni ena amagwiridwa ndi ana. Bisa nambala ya reji, yako ndi ya landilodi. Bisa manambala a foni, akaunti ya ku banki kapena nambala yomwe uzitumizirako renti, TPIN ngati ilipo, nambala ya mita ya ZESCO, nambala ya puloti, ndi siginecha ngati mwini wasaina kale. Zimenezi ine sizindithandiza kanthu powerenga, koma kwa wakuba reji ndi foni ndi dzina zikakhala pamodzi ndi chakudya. Mayina nawo ungabise, koma apa chenjera, osangodetsa paliponse mpaka ine ndisadziwe akulankhula za ndani. Pa dzina la landilodi lemba A, pa lako lemba B, ndipo A akhale A kuyambira peji yoyamba mpaka yomaliza. Pakatulukira munthu wachitatu, kaya ejenti kaya mboni kaya wokuimira ukalephera kulipira, mupatse C, undiuze kuti ndi ndani pa nkhaniyi.

Koma ndalama usabise. Madeti usabise. Ndikudziwa anthu amachita manyazi kuti abale adziwa zomwe ndikulipira, koma iwe wanena kale pano, ndiye chatsala n'chiyani, hehe. Popanda manambala sindingaone ngati renti angakweze pakati pa chaka, ndi zingati, chilango cha kuchedwa ndi zingati pa tsiku, notisi yako ndi yaitali bwanji ndipo yake ndi yaifupi bwanji. Kawirikawiri mumapeza iwe miyezi itatu, iye mwezi umodzi.

Usabisenso mawu onena kuti malowo ndi a chiyani, shopu kapena nyumba yogona, chifukwa kuno ku Zambia malamulo ake ndi awiri osiyana. Nyumba zogona zili ndi lamulo lake la renti, malo a bizinesi ali ndi lawo, ndipo m'lamulo la malo a bizinesi notisi ya landilodi yothetsa lendi imafunika isachepere miyezi isanu ndi umodzi, pa ma agirimenti omwe lamulolo limakhudza. Ndiye ngati pepala likuitcha nyumba koma iwe ukukagulitsiramo salaula, ndifuna ndione zimenezo. Kutalika kwa nthawi nakonso, chifukwa ikapitirira chaka chimodzi imafunika kulembetsedwa ku ofesi ya za malo, ndiye ngati alemba zaka ziwiri tifunika kuona kuti alemba kuti ndani akalembetse ndipo ndani alipire.

Pali chinthu chimodzi chimene ukabisa dzina ine sindingachione, ndiye uchite wekha. Ona dzina la A pa agirimenti, ulifanizire ndi dzina lili pa pepala la malowo, kaya taitolo kaya pepala la ku kanselo. Pempha akuonetse, si mwano. Ngati dzina ndi la malemu bambo ake, kapena ndi la kampani koma akusaina ndi munthu, funsa kuti mphamvu yobwereketsa waitenga kuti. Nyumba zamasiye izi ukhoza kulipira dipoziti kwa mwana mmodzi, mwezi wamawa mlongo wake wafika kuchokera ku Lusaka akuti ine sindikudziwani. Iwe ungondiuza chabe kuti mayina agwirizana kapena ayi, dzina lenilenilo sindilifuna.

Aa dikira, iwe tseka chitseko nkhuku zikulowa! Pepa. Ndimati kabisidwe kake. Osagwiritsa ka peni ka mu foni kaja kopaka pa chithunzi, kena kamakhala kopyapyala, munthu akangokweza kuwala manambala onse amaonekera pansi. Ngati anakutumizira PDF, osaika kabokosi kakuda pamwamba, mawu amatsala pansi pake, munthu amatha kuwakopera. Njira yachikale ndiyo yabwino, ng'amba timapepala, ika pamwamba pa reji ndi pa mayina, lembapo A kapena B, kenako jambula. Pepala lenilenilo usalembepo kanthu, lija ndi losaina. Ukafuna kudetsa ndi maka kachite fotokope kaye.

Tumiza ku inibokosi yanga osati pa gulupu, usiku uno ndikadya nsima ndiwerenga. Undilembereponso zomwe munagwirizana pakamwa zomwe m'pepala mulibe, monga zija unanena kuti denga likudontha akonza iye, chifukwa ngati sizinalembedwe tifunika aziikemo usanasaine. Ine si loya, ndikaona chinthu chondiposa ndikuuza upite nalo ku Legal Aid Board kapena kwa loya, ndipo kumeneko upite ndi pepala lonse losabisa, chifukwa iwo afunika mayina enieni ndipo ntchito yawo imawamanga kusunga chinsinsi. Za Lachisanu zo muuze landilodi kuti amalume akuwerenga, Lolemba mudzakambirana. Dipoziti usapereke kaye, olo ya mwezi umodzi.