Chithunzi cha chidziwitso cha fizi chabwera chosaoneka bwino: nditumize ndalama?

Funso: Amisiri, ine ndili ku Joni. Mlongo wanga wanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pepala la fizi limene amata pa bolodi kusukulu kwawo. Chithunzicho n'chopendama, ndipo chakumunsi kuli mbuu. Ndikachikulitsa ndikuona ngati K185,000, nthawi zina ngati K135,000. Nambala ya akaunti ndaiwerenga ndithu koma mtima sukukhazikika. Ndachitumiza kwa inu, kodi mungachikonze kuti chioneke? Ndikufuna kulipira mawa.

Yankho: Achimwene, mawa musatumize ndalama ku nambala imene mwawerengayo. Chithunzi ndachiona, ndipo zina zili m'menemo ndingaziikire kumbuyo, koma nambala ya akaunti si imodzi mwa izo. Kuchikonza kuti chionetse zimene kamera sinagwire, zimenezo palibe mmisiri angathe.

Pepalalo likuoneka lotambalala kumtunda, lopanikizika kumunsi. Ndiye kuti linamatidwa cham'munsi pa bolodi, mlongo wanu anaimirira n'kuweramitsa foni. Kumtunda kwa pepala kunali pafupi ndi kamera, kumunsi kunali patali. Kamera ya foni ikakhala pafupi ndi chinthu imalunjika pa mtunda umodzi wokha, ndipo apa inalunjika pa mutu wa chidziwitso. N'chifukwa chake dzina la sukulu ndi mizere itatu yoyamba zikuwerengeka bwinobwino, koma mukamatsika zilembo zikufewa, zikucheperanso. Tsoka lake n'lakuti olemba zidziwitso amaika zofunika kwambiri kumunsi komweko: ndalama zonse pamodzi, tsiku lomaliza, akaunti ndi chidindo.

Vuto lachiwiri labwera ndi WhatsApp. Chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse amachichepetsa kuti chisadye bandulo, ndipo mbali yake yaitali imatsala ndi mapikiselo pafupifupi 1600, ndiye kuti timadontho timene timapanga chithunzi. Pepala la A4 ndi lalitali mamilimita 297, ndipo nambala yolembedwa pa kukula kwa makalata a mu ofesi ndi yaitali mamilimita atatu basi. Pepala likadzaza chithunzi chonse, nambala iliyonse imapata timadontho ngati 16 kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo imawerengeka mosavuta. Pa chithunzi chanu pepala latenga theka lokha, kwinako ndi bolodi ndi khoma. Nambala zatsala ndi timadontho ngati 8, ndipo za kumunsi kopanikizikako n'zochepera apo. Tsono chimene chimasiyanitsa 3 ndi 8 ndi kampata kakumanzere kosakwana ndi milimita imodzi, kadontho kamodzi kapena awiri. Kakangofufutika pang'ono, 3 wasanduka 8. Mukamakulitsa ndi zala simukuwonjezera kanthu, mukungokuza timadontho tomweto, ndipo maso amayamba kuona chimene mtima ukufuna.

Apa ndipamene anthu ambiri amapusitsika. Amati poti mawu akuwerengeka, manambala nawonso ali bwino. Mawu amawerengeka chifukwa mumawadziwa kale. Liwu ngati Januwale litafufutika zilembo ziwiri mulizindikirabe ndi kutalika kwake komanso ziganizo zoyandikana nalo. Nambala ya akaunti ilibe mnzake woithandiza, chifukwa nambala iliyonse ikhoza kukhala paliponse. Zimene zimasokonezeka kawirikawiri ndi 3 ndi 8, 5 ndi 6, 6 ndi 8, 0 ndi 8, komanso 1 ndi 7. Choncho pa chithunzi chimodzi chomwecho, pa mzere umodzi womwewo, mawu mukhoza kuwakhulupirira koma manambala ayi.

Ndalama ija tikhoza kuitsimikiza, osati ndi maso koma ndi masamu. Mizere itatu ya kumtunda ikuoneka bwino: fizi ya maphunziro K60,000, chigonero ndi chakudya K110,000, thumba la chitukuko K15,000. Mukaphatikiza zikukwana K185,000. Kuti ikhale K135,000 pakanafunika kuti mzere wina ukhale wotsika ndi K50,000, ndipo palibe mzere wokayikitsa chotero. Ndiye K185,000 ndikuivomereza chifukwa zinthu ziwiri zosiyana zagwirizana. Ndayang'ananso ngati mizereyo sinasemphane. Chithunzi chikapendama, mizere imatsetsereka, ndipo diso likhoza kuchoka pa dzina la mzere woyamba n'kukatera pa ndalama ya mzere wachiwiri. Musamatsate m'mphepete mwa foni. Tsatani mzere wosindikizidwa pa pepalapo, kapena werengani kuchokera pamwamba mbali zonse ziwiri: dzina lachitatu, ndalama yachitatu. Pano mayina ndi atatu, ndalama zitatu, zakwanirana.

Tsiku lomaliza ndi nkhani ya pakatikati. Likuoneka ngati 13 kapena 18, koma patsogolo pake pali dzina la tsiku, ndipo likuzindikirika kuti ndi Lachisanu. Masiku awiriwa asiyana ndi masiku asanu, choncho sangakhale Lachisanu onse. Ngati 13 ndi Lachisanu, 18 ndi Lachitatu. Tsegulani kalendala ya mwezi umenewo muone lomwe lagwa Lachisanu. Koma njirayi ikugwira pokhapokha ngati pepalalo ndi la chaka chino, ndipo chaka chalembedwa kumunsi kwenikweni kumene sindikutha kuwerenga. Mabolodi athu amasunga mapepala akale mpaka atachita chikasu. Podikira kutsimikiza, tengani tsiku loyambiriralo, 13, chifukwa kulipira msanga sikubweza mwana pa geti.

Nambala ya akaunti ndiye yawonongeka m'njira ziwiri. Manambala ena afewa monga ndafotokozera, koma pakati pake pali chibanga choyera mbee. Bolodiyo ili ndi galasi, ndipo kuwala kunagunda pa galasipo n'kubwerera mu kamera. Kufewa ndi kuyera kotere n'zosiyana. Pofewa pamatsalako mthunzi wa nambala woti n'kuganizira, koma poyera kamera inalemba zoyera zokhazokha, pansi pake palibe chobisika choti n'kuchivundukula. Ngakhale kuchuluka kwa manambala ophimbidwawo sikukudziwika, akhoza kukhala awiri kapena atatu. Inu mwati mwaiwerenga yonse. Ndikukhulupirira kuti mwaona manambala, koma pamalo amenewo ndi maso anu amene adzazapo. Nambala ya foni ya msungichuma imene ili pansi pake ilinso chimodzimodzi. Manambala a foni a kwathu amakhala 10, kuyambira pa 0, ndipo ine ndikuwerenga 9 okha, ina yadulidwa ndi m'mphepete mwa chithunzi. Chidindo ndi siginecha nazonso zadulidwa, kwangotsala kachidutswa.

Mudzauzidwa kuti pali mapulogalamu onola zithunzi, kapena kuti muyese Google Lens ikuwerengereni. Pa ntchito iyi ndimakana. Pulogalamu yonola imachindikalitsa m'mphepete mwa zilembo, ndipo nambala imene inali pakati pa 3 ndi 8 imatuluka ili 8 wooneka bwino, chikaiko chija chafufutidwa. Yowerenga zilembo nayo imakupatsani mzere wa manambala osalala popanda kukuuzani kuti apa ndangoganiza. Chithunzi chofewa n'chabwinoko chifukwa chimakuonetsani pamene pali vuto. Kuwongola kupendama kokha n'kothandiza pa mizere yotsetsereka ija, koma sikubwezera timadontho timene kunalibe.

Mukamauza ena a pabanja zimene zili pa pepalali, musalembe zonse ngati zofanana mphamvu. Ine ndikanalemba motere: "Ndalama zonse ndi K185,000, ndatsimikiza pophatikiza mizere itatu. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu, pa 13 kapena pa 18, nambala yachiwiri sikuoneka bwino. Chaka sichikuwerengeka. Nambala ya akaunti yaphimbika pakati, musaigwiritse ntchito. Nambala ya foni yaduka, chidindo sichinajambulidwe." Pamene nambala sikuoneka ikani chizindikiro cha funso pamalo pakepo, monga 1? kapena 09??, osati kuikapo yomwe mukuiganizira. Uthenga ukangodutsa pa mafoni awiri, mawu akuti "mwina" amagwa panjira, nambala yoganizira ija n'kutsala yokha ngati yoona.

Chomwe chingathetse zonsezi ndi chithunzi china, ndipo ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa mlongo wanu. Apite masana, apukute kamera ndi kansalu kofewa poti mafuta a zala amabweretsa chifunga pa chithunzi chonse, ndipo azimitse fulashi. Anyonyomale kuti foni ikhale moyang'anizana ndi pakati pa pepala, yoima chilili ngati pepalalo, ngodya zonse zinayi zikuoneka ndipo pepala ladzaza chithunzi. Ngati galasi likunyezimirabe, asunthire pambali pang'ono mpaka kuwalako kutachoka pa zolembedwa. Agunde ndi chala pa sikirini pamene pali manambala, adikire kamera ikhazikike, agwire foni ndi manja awiri zigongono zili m'nthiti. Kukachita mdima kamera imatsegula nthawi yaitali, dzanja likanjenjemera pang'ono zilembo zimatuluka ziwiriziwiri zokokedwera mbali imodzi. Asakulitse ndi zala pojambula, asendere pafupi, koma osati mpaka foni kulephera kulunjika. Ajambule kawiri: china cha pepala lonse, china cha theka lakumunsi lokha. Chachiwiricho chimapatsa nambala iliyonse timadontho tochuluka, choyambacho chimaonetsa kuti zonse n'za pepala limodzi.

Potumiza asadutse njira ya zithunzi. Agunde kachizindikiro komatira zinthu mu WhatsApp, asankhe Document, ndiye asankhe chithunzicho. Chimafika monga chinajambulidwira, chosachepetsedwa. Chidya bandulo yochulukirapo, mwina mamegabaiti atatu kapena anayi, koma n'zochepa poyerekeza ndi K185,000. Ngati zimenezo zamuvuta, batani la HD limene limaoneka pamwamba asanatumize limathandizako. Chithunzi chojambula sikirini, kapena chotengedwa pa gulu la makolo, asakutumizireni, chifukwa chimenecho chinafinyidwa kale.

Chithunzi chatsopano chikafika, muimbireni mlongo wanu ali pa bolodi pomwepo, awerenge nambala ya akaunti imodziimodzi inu mukutsata pa chithunzi, kenako inu muwerenge iye akutsata pa pepala. Ngakhale zitagwirizana, chithunzi chooneka bwino chimangotsimikiza zimene zalembedwa, sichitsimikiza amene analemba. Adutse ku ofesi ya msungichuma afunse ngati akaunti ndi yomweyo, ndipo inu potumiza onani dzina la mwini akaunti musanavomereze. Likakhala dzina la munthu m'malo mwa dzina la sukulu, imani kaye mpaka a ku ofesi atafotokoza.