Laputopu ya magemu kapena desikitopu kwa munthu wosamukasamuka

"Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimachita lendi ku Chitawira, koma ntchito yanga ndi ya makontirakiti, ndipo amatha kunditumiza ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu kwa miyezi itatu kapena isanu. Ndasunga ndalama zogulira kompyuta yamphamvu yosewerera magemu komanso yokonzera mavidiyo. Anzanga akuti ndigule desikitopu chifukwa ndi yamphamvu ndiponso yotchipa. Kodi ndimvere iwowo, kapena ndigule laputopu ya magemu?"

Achimwene, anzanuwo sakunama: pa ndalama zofanana, desikitopu imaposa laputopu pa mphamvu, imazizira bwino, ndipo chipangizo chimodzi chikawonongeka mumasintha chokhacho. Komabe ine ndikukulangizani kugula laputopu, chifukwa anzanuwo awerengera mtengo wa tsiku logula lokha, pamene inu mudzalipiranso pa tsiku lililonse losamuka ndiponso m'nyumba iliyonse imene mudzafikire osadziwa mmene magetsi ake alili.

Tiyeni tione kaye katundu amene mudzanyamule. Munthu akati desikitopu amaganiza za bokosi lokha, koma bokosilo likakhala ndi zonse m'kati limalemera makilogalamu 8 mpaka 12, ndipo pambali pake pamafunika monita, kiyibodi, mausi, zingwe, komanso UPS, bokosi lopatsa kompyuta magetsi kwa kanthawi akathima, imene nayonso ndi yolemera chifukwa cha batire lake. Amenewa ndi makatoni atatu osachepera, ndipo monita ndi yosachedwa kusweka. Mukawakweza basi ya ku Lilongwe pa Wenela, adzalowa pansi limodzi ndi matumba a anthu ena, n'kuyenda makilomita oposa 300 akugwedezeka popanda wowayang'anira. Chimene chimavulala kwambiri pa ulendo wotere ndi khadi la zithunzi, lija ambiri amalitcha galafikisi khadi. Khadili ndi lolemera, koma limangogwira pa kampata kamodzi ka pa mazabodi, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ndi tizomangira tiwiri kumbuyo kwa bokosi, choncho galimoto ikagunda dzenje kulemera konseko kumakoka kampatako mpaka kamatha kung'aluka. Pa chifukwa chimenechi, wosamuka ndi desikitopu ayenera kutsegula bokosi, kuchotsa khadilo n'kulikulunga palokha, kuchotsanso choziziritsira purosesa ngati chili chachikulu, kenako kubwezera zonse akafika, ndipo akachotsa choziziritsiracho amafunikanso kupaka mwatsopano phala lija lothandiza kuchotsa kutentha. Kuchita zimenezi kamodzi pa zaka ziwiri si vuto. Kuzichita katatu pa chaka, kupita ndi kubwerera, ndi chintchito chimene tsiku lina mudzachizemba chifukwa chofulumira, ndipo ulendo umenewo ndi umene udzakuwonongereni khadi. Laputopu ya magemu imalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka, tchaja yake imawonjezerapo pang'ono, ndipo zonse zimalowa m'chikwama chimodzi chimene mumachiyika pamiyendo panu.

Nkhani yachiwiri ndi ya magetsi, ndipo kwa ine imeneyi ndi imene imagamula mlandu. Desikitopu ilibe batire, choncho magetsi akangothima imazima nthawi yomweyo, ndipo ngati munali pakati potulutsa vidiyo ya kasitomala, ntchitoyo mumayambiranso. UPS imathandiza, koma anthu ambiri amayembekezera kwa iyo zimene singathe. UPS yaing'ono yolembedwa 650VA imapirira katundu wa mawati pafupifupi 360 mpaka 390, ndipo m'kati mwake mumakhala batire limodzi la mavoti 12. Desikitopu ya magemu yapakatikati pamodzi ndi monita yake imakoka mawati 250 mpaka 300 ikamagwira ntchito yolemera, ndiye UPS yotereyi imakupatsani mphindi zochepa chabe zoti musunge ntchito n'kuzimitsa mwadongosolo. Laputopu ili ndi batire lakelake, ndipo magetsi akathima sikirini siphethira n'komwe. Musayembekezere zodabwitsa pamenepanso, chifukwa pa batire laputopu imadzichepetsera yokha liwiro, ndipo gemu yolemera imamaliza batire pa ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Koma pa ntchito yopepuka monga kulemba ndi kutumiza mafayilo imakufikitsani maola angapo, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti ntchito imene munali nayo sitayika.

Pa mayunitsi palinso kusiyana koonekeratu, makamaka ngati kumene mukupitako mudzagawana mita ndi alandilodi kapena anzanu a pa lendi. Makina okoka mawati 300 kwa maola anayi pa tsiku amadya mayunitsi 36 pa mwezi, pamene laputopu yokoka mawati 150 pa maola omwewo imadya 18. Mukadzaganiza zogula inveta kapena sola, katundu wocheperayu ndi amene adzakulolani kugula yaing'ono.

Tsopano ndifike pamene anthu ambiri amatayira ndalama, chifukwa kusankha laputopu sikutanthauza kuti iliyonse yolembedwa dzina lalikulu ndi yabwino. Dzina la khadi la zithunzi pa laputopu silikuuzani mphamvu yake yeniyeni. Tengani RTX 4060, imene kampani ya NVIDIA inatulutsa mu 2023. Ya desikitopu imagwira ntchito pa mawati 115. Ya laputopu, wopanga laputopuyo amaloledwa kuiyika paliponse kuyambira mawati 35 mpaka 115, malinga ndi mmene makina ake angathere kuchotsa kutentha. Choncho mukhoza kupeza malaputopu awiri m'sitolo imodzi ku Limbe kapena m'tauni, onse olembedwa RTX 4060, wina wopyapyala wopatsa khadilo mawati 45 ndipo wina wonenepa wolipatsa mawati oposa 100, ndipo pa gemu imodzimodzi kusiyana kwawo kudzaonekera ndi maso. Wonenepayo amayandikira kwambiri desikitopu ya khadi lomwelo, moti zimene anzanu akunena zimachepa mphamvu pamenepa. Kusiyana kumakula mukakwera makadi apamwamba: RTX 4070 ya desikitopu ili ndi memore ya magigabaiti 12 ndipo imakoka mawati 200, pamene ya laputopu ili ndi 8 okha. Ine ndimaona kuti munthu wogula laputopu amapindula kwambiri pa makadi apakatikatiwa, ndipo akamakwera pamwamba amalipira zambiri pa phindu lochepa.

Njira yodziwira zimenezi musanapereke ndalama ndi yosavuta. Pemphani wogulitsa ayatse laputopuyo italumikizidwa ku tchaja yake, mutsegule NVIDIA Control Panel, mupite pa Help kenako System Information, ndipo muyang'ane mzere wolembedwa Maximum Graphics Power. Nambala imene ili pamenepo ndiyo mawati amene khadilo limaloledwa kukoka. Pa RTX 4060, ine sindingatenge yosafika mawati 85 ngati cholinga chili magemu ndi mavidiyo. Yang'ananinso tchaja yeniyeniyo: laputopu yopatsa khadi mphamvu zokwanira kawirikawiri imabwera ndi tchaja ya mawati 170 mpaka 240, ndipo wogulitsa akakupatsani katchaja kakang'ono ka mawati 65 kapena 90, dziwani kuti mwina si yake, kapena makinawo ndi a gulu lofooka lija.

Popeza malaputopu ambiri amene amagulitsidwa kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, batire muliyesenso. Tsegulani Command Prompt n'kulemba lamulo ili:

```
powercfg /batteryreport
```

Lamuloli lidzasunga lipoti m'fayilo n'kukuuzani pamene fayiloyo ili. Mukaitsegula, lipotilo likuonetsani Design Capacity, kutanthauza kukula kwa batire lili latsopano, ndi Full Charge Capacity, kutanthauza zimene likusunga lero. Ngati loyamba lili 70,000 mWh ndipo lachiwiri 42,000 mWh, batirelo latsala ndi magawo 60 pa 100 alionse, ndipo phindu lija la nthawi yothima magetsi lachepa kale. Pamenepo nenererani mtengo, kapena funsani kaye ngati batire la mtundu umenewo limapezeka.

Chofooka chachikulu cha laputopu ndi kutentha, ndipo ndikufuna mudziwe zimenezi musanagule. Purosesa ndi khadi la zithunzi zimapanikizana m'malo aang'ono, mafani ake ndi aang'ono, ndipo fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limatseka tizitsulo topyapyala tomwe mpweya umatulukirapo. Chizindikiro chake n'chakuti gemu imayamba bwino, koma pakapita mphindi 15 kapena 20 imayamba kudukiza mafani akulira kwambiri. Pulogalamu yaulere yotchedwa HWiNFO imaonetsa kutenthako: purosesa ikamakhazikika pa madigiri 95 mpaka 100, kapena khadi pa 87, ndiye kuti makinawo akudzichepetsera liwiro kuti asapse. Mayeso amenewa muwachite pa sitolo pomwepo, ndipo musakhutire ndi mphindi ziwiri zoyambirira, chifukwa pa nthawi imeneyo makina aliwonse amaoneka athanzi. Mukagula, musamaiyike pa bedi kapena pa bulangete, muzikweza kumbuyo kwake pang'ono kuti mpweya uzilowa pansi, ndipo kamodzi kapena kawiri pa chaka mupereke kwa katswiri wodalirika achotse fumbi.

Dziwaninso kuti purosesa ndi khadi la laputopu ndi zowotcherera pa mazabodi, choncho simungazisinthe. Zimene mungawonjezere pa malaputopu ambiri a magemu ndi ramu ndi SSD basi, ndipo pa ntchito ya mavidiyo ndikanakonda muyambire pa ramu ya magigabaiti 16 yokhala ndi mwayi wofika 32. Khadi likafa, kawirikawiri mazabodi yonse imafunika kusintha, ndipo kuyitanitsa yotere kuchokera kunja kumadya ndalama ndi nthawi. Chiopsezo chimenechi ndi chenicheni, monganso chakuti chikwama n'chosavuta kuba kusiyana ndi makatoni atatu. N'chifukwa chake ntchito za makasitomala muzizisunganso pa SSD yapadera imene simuyendera nayo m'chikwama chimodzi ndi laputopuyo, ndipo nyengo ya mvula muzizula tchaja pa soketi mphezi zikayamba.

Ndikanasintha malangizowa pa chifukwa chimodzi chokha. Ngati nyumba ya ku Chitawirayo simuisiya, mumabwerako kumapeto kwa sabata iliyonse, ndipo kumene mukupitako mulibe nthawi ya magemu kapena mavidiyo, ndiye kuti desikitopu yokhala pakhomo ndi laputopu wamba yotchipa yoyendera zingakutumikireni bwino. Koma malinga ndi mmene mwafotokozera, mumachoka miyezi itatu kapena isanu, ndipo makina otsalira ku Blantyre nthawi yonseyo sakubwezerani ndalama zanu. Gulani laputopu yonenepa ya khadi lapakatikati lopatsidwa mawati okwanira, onjezani mausi ndi kiyibodi wamba kuti kiyibodi ya laputopuyo isathe msanga, ndipo monita yaikulu mudzagule pambuyo pake n'kuisiya kumene mumakhalitsa, kuti mukafika muzingolumikiza chingwe cha HDMI. Mukapeza malaputopu awiri kapena atatu amene akukukopani, lembani pano mayina ake onse pamodzi ndi nambala ya Maximum Graphics Power ya iliyonse, ndidzakuthandizani kuwayerekeza.