Chilungulira cha usiku: vuto ndi nsima kapena ndi nthawi imene mukudyera?

"Ndine bambo wa zaka 41, ndimagwira ntchito mutauni ku Lilongwe. Masana ndimangodya chimanga chootcha kapena mandasi. Ndimafika pakhomo cha m'ma 8 koloko, kudya cha m'ma 9, mitanda itatu ya nsima, kawirikawiri ya nyama kapena nsomba yokazinga, hafu 9 ndagona. Pakati pa usiku ndimadzidzimuka pachifuwa pakutentha, madzi owawasa atafika kukhosi. Ndawonjezera mapilo koma sizikusintha. Kodi ndisiye nsima?"

Nsima musaisiye, bambo. Chimene chikukuvutani ndi mphindi 30 zimene zili pakati pa kusamba m'manja ndi kufunda bulangete. Mukuika chakudya cha tsiku lonse m'mimba nthawi imodzi, kenako n'kuchigoneka.

Pamene njira ya chakudya yochokera kukhosi imalowera m'chifu pali mnofu wozungulira umene umatseguka chakudya chikamadutsa, n'kutsekanso. Chifu chili ndi chotetezera chake, asidi sachiwotcha. Njira ya chakudyayo ilibe chitetezo chotero, ndiye asidi akabwerera m'mwamba mumamva moto kuseri kwa fupa la pachifuwa. Mnofu uja umamasuka pafupipafupi chifu chikatambasuka kwambiri, pofuna kutulutsa mpweya. Ndi mmene timageyera. Mukakhuta mpaka kumasula lamba, umamasuka kambirimbiri, ndipo asidi amatulukira limodzi ndi mpweyawo. Zili ngati botolo lodzadza limene chitsekerero chake sichinamangike bwino: likaima silitaya, koma ligonekeni muone.

Masana asidi akakwera amabwerera yekha chifukwa mwaima, komanso mumameza malovu pafupipafupi, ndipo malovuwo amatsuka ndi kuziziritsa njirayo. Kutulo malovu amachepa, kumeza kumachepa, thupi lili chogona. Asidi amene wakwera amakhalitsa pamenepo mpaka kukudzutsani.

Chakudya wamba chimatenga maola awiri mpaka anayi kuti chambiri chituluke m'chifu, ndipo chamafuta chimachedwa kuposa apo, chifukwa mafuta amachedwetsa chifu komanso amafewetsa mnofu wotseka uja. Ndi chifukwa chake madokotala amati pakati pa chakudya chomaliza ndi kugona pazidutsa maola atatu. Kugona kumene tikunena si tulo tokha ayi. Kudzigwetsa pasofa n'kumaonera mpira miyendo ili m'mwamba, kwa chifu n'kugona ndithu.

Mwina mukuti, ndikafika 8 koloko, maola atatuwo ndiwatenga kuti? Apa ndi pamene ambiri amagonjera, poti amayesa kusuntha chakudya chamadzulo chokha osakhudza masana. Munthu amene wakhalira mandasi awiri kuyambira m'mawa sangadye mtanda umodzi usiku, olo mumulangize bwanji. Njala idzapambana. Choncho yambani ndi nkhomaliro. Nsima yanu ya mitanda iwiri kapena itatu, ndi nyama yokazingayo ngati mukuifuna, zidyeni pakati pa 12 ndi 1 koloko masana, kaya ndi kumalo odyera pafupi ndi kuntchito kaya ndi chakudya chonyamula kunyumba m'kontena. Cha m'ma 4 kapena 5 koloko, musanakwere minibasi, idyani kanthu: nthochi ziwiri, chinangwa chophika, kapena chimanga chanu chootcha chija. Mukafika pakhomo mudzakhala ndi njala ya munthu, osati ya fisi.

Ndiye chakudya chamadzulo chikhale choyamba mukangolowa, kusamba ndi nkhani za pawailesi zibwere pambuyo. Pemphani mayi akunyumba kuti mbale yanu izikhala yokonzeka 8 koloko, ngakhale ena adye mochedwerapo. Mtanda umodzi kapena umodzi ndi theka, ndiwo zamasamba, nsomba yophika kapena yootcha, nkhuku yochotsa khungu. Mukamaliza 8:20 n'kugona hafu 10, mwapeza maola awiri, ndipo pa chakudya chochepa chopanda mafuta ambiri anthu ochuluka amaona kusintha. Loweruka ndi Lamlungu, pamene mungathe kudya 7 koloko, kwanitsani atatu onse. Kachitidwe kake n'koti nthawi ikachepa, chakudya chichepenso. Tsiku limene mwafika 10 koloko chifukwa cha maliro kapena msonkhano, kapu ya phala kapena nthochi ndi yokwanira. Nsimayo mukaidye mkute m'mawa.

Pa nthawi yodikirayo khalani tsonga kapena yendani pang'onopang'ono pabwalo kwa mphindi 10 kapena 15. Pewani ntchito zowerama, monga kuchapa m'beseni lili pansi kapena kupolisha nsapato mutapinda msana, chifukwa kuwerama kumafinya chifu chodzadza. Masulani lamba. Madzi imwani pang'onopang'ono. Makapu atatu a madzi kapena a thobwa pamwamba pa nsima amatambasula chifu chimodzimodzi ndi mtanda wina. Zakumwa za gasi ndiye zimaposa, poti zimawonjezera mpweya umene uyenera kutuluka.

Za mapilo, sindikudabwa kuti sanathandize. Mapilo awiri kapena atatu amakweza mutu ndi khosi zokha, pomwe chifuwa chili pansi. Choipa china, amapinda thupi pamimba, mimba n'kupanikizika, asidi n'kukankhidwira m'mwamba. Chofunika n'choti thupi lonse kuyambira m'chiuno lipendekeke, chifuwa chikhale pamwamba pa mimba.

Njira yosavuta ndi kukweza bedi lenilenilo. Ikani njerwa kapena zidutswa za matabwa pansi pa miyendo iwiri ya kumutu, kuti ikwere masentimita 15 mpaka 20. Njerwa zootcha ziwiri zosanjikiza chogona pa mwendo uliwonse zimafika pafupi ndi muyeso umenewu, koma yezani ndi tepi chifukwa zikombole zimasiyana. Sankhani njerwa zopsa bwino, zosang'ambika, ndipo pakati pa njerwa ndi mwendo wa bedi ikanipo kathabwa kapena kachidutswa ka tayala kuti mwendo usaterereke kapena kuswa njerwa. Ngati bedi lili ndi mwendo wapakati, nawonso uikireni chochirikiza cha theka la muyesowo, apo ayi thabwa lapakati lidzathyoka. Gwedezani bedi mwamphamvu musanagonepo. Musapyole masentimita 20: mudzangotsetserekera kumiyendo usiku wonse, ndipo akunyumba sadzakuyamikani. Ngakhale pa 15 pomwe, masiku oyambirira zimamveka zachilendo. Mutha kuyamba ndi njerwa imodzi kwa masiku atatu kenako n'kuwonjezera. Pilo akhale mmodzi, monga kale.

Amene amagona pamatiresi apansi angapange chitsetso kunsi kwa matiresi, osati pamwamba pake: mabulangete opinda, ochindikala kumutu, n'kumapyapyala mpaka kufika pamene pamakhala chiuno. Pakakhala chitunda chodukiza pakati pa msana, mwangobwerera ku vuto la mapilo lija, kuphatikizapo msana kuwawa.

Kenako mbali yogonera. Gonerani kumanzere. Chifu chimakhala chakumanzere kwa mimba, ndipo njira ya chakudya imalowera cha kumanja kwake, m'mwamba. Mukagonera kumanzere, zimene zili m'chifu zimadikha pansi ndipo khomo lija limatsala pamwamba pake. Mukagonera kumanja, khomolo limakhala m'munsi, lomira mu asidi, moti likangomasuka pang'ono, watuluka. Kugona chagada pabedi losakweza nakonso sikuthandiza, ndipo chafufumimba kumapanikiza mimba. Palibe amene amagona mbali imodzi mpaka m'mawa, koma maola oyambirira ndi amene chifu chimakhala chodzadza, choncho yambirani kumanzere, ndipo ikani pilo wina kumsana kuti musagubuduke msanga. Mukadzidzimuka ndi chilungulira, dzukani mukhale tsonga, imwani madzi pang'ono, mudikire chizizire, ndiye mugonerenso kumanzere.

Pa zakudya, anthu amapatsana mndandanda wautali wa zoletsedwa mpaka munthu kusowa chodya. Sindikuona phindu lake. Zimene zimavuta anthu ambiri n'zodziwika: zokazinga monga chipisi ndi kanyenya, tsabola, tomato wambiri, anyezi wosaphika, khofi, tiyi wamphamvu, mowa, ndipo kuno ambiri amadandaulanso mbatata. Koma si onse amene amavutika ndi zonsezi. Konzani kaye nthawi, kuchuluka kwa chakudya ndi bedi kwa milungu iwiri, mukulemba pakapepala nthawi imene mwadya, chimene mwadya, nthawi yogona, ndi ngati munadzuka nacho. Chakudya chimene chikubwerabwera pa masiku oipa, chichotseni madzulo okha, chimodzichimodzi. Mukachotsa zisanu pakamodzi simudzadziwa cholakwa. Fodya yekha ndiye alibe zokambirana, amafooketsa mnofu uja ndi kuchepetsa malovu. Ndipo ngati mimba yatsogola, kutsitsa thupi ndi makilogalamu ochepa chabe kumachepetsa kupanikizika kwa chifu usana ndi usiku.

Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi, koma kapu yodzadza ya mkaka wa mafuta pogona ndi chakudya china chimene chifu chiyenera kugaya, ndipo chilungulira chimatha kubwerera. Soda wophikira therere amapha asidi ndithu, koma potero amatulutsa mpweya umene umatupitsa chifu, komanso ali ndi mchere wambiri wosayenera kwa odwala BP, mtima kapena impso. Mapiritsi otafuna a magineziyamu amathandiza msanga pa usiku wovuta. Koma amene akumwa ma ARV a TLD asamale: magineziyamu amalepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'thupi, choncho ARV amwedwe maola awiri musanatafune magineziyamu, kapena maola 6 mutatafuna. Omepurazo amagwira mosiyana, amachepetsa kapangidwe ka asidi, ndipo amamwedwa m'mawa, mphindi 30 mpaka ola musanadye, tsiku ndi tsiku. Kumumwa 1 koloko usiku moto utayaka kale sikuzimitsa nthawi yomweyo. Musapitirire masiku 14 mukungogula nokha ku famase osaonana ndi dokotala. Onaninso mankhwala opha ululu amene mumamwa: bulufeni, asipulini, daikulofenaki ndi indosidi amapweteka chifu, pomwe panado alibe vuto limeneli. Ngati asipulini anakulemberani adokotala chifukwa cha mtima, musasiye nokha, kawafunseni.

Pali zizindikiro zimene njerwa sizingathetse. Nsima ikayamba kuima pachifuwa pomeza, mpaka kumafuna madzi okankhira kapena kusankha phala chifukwa ndi lokhalo likudutsa, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya njira ya chakudya ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo kuvutika kumeza ndi chizindikiro chake chachikulu. Chimodzimodzi kuwonda popanda chifukwa, kusanza kosalekeza, kapena kuchepa magazi. Kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii ngati phula sizidikira m'mawa. Ndipo ngati pachifuwa pakuthina ngati mwatsamiridwa ndi chinthu cholemera, ululu ukufika kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada, mukutuluka thukuta kapena kubanika, makamaka zikayamba mukuyenda kapena kukwera chitunda, umenewo utha kukhala mtima. Pezani galimoto nthawi yomweyo.

Ngati zonsezi mulibe, yesani dongosololi kwa milungu iwiri kapena itatu. Chilungulira chikamabwerabe kawiri kapena kuposa pa sabata, tengani kapepala kanu kaja mupite nako kwa dokotala, kadzamuthandiza kuona ngati mukufunika mankhwala a nthawi yotalikirapo, kuyezedwa kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba, kapena kuunikidwa ndi kachipangizo kolowetsa kukhosi.