Yankho kwa azakhali pa za lesitilanti ya pa Ntcheu

Azakhali: "Mwana wanga, anthu akuti ndizitsatsa malonda a lesitilanti pa foni, koma foni ndi imodzi yomweyi ndipo ine tsiku lonse ndimakhala pa moto. Ndingakonze bwanji zoti ndiziika mwezi wonse osasokonezeka?"

Zikomo azakhali, ndamva, ndingolankhula chifukwa kulemba zonsezi chala chingatope. Choyamba, kalendala imeneyi musaipange mufoni ayi. Tengani kope lija mumalembamo ngongole ndi zogula, pitani kumapeji akumapeto, mujambule mizere inayi yopingasa, mzere uliwonse ndi sabata imodzi, ndiye mudule mabokosi anayi pa mzere uliwonse, Lolemba, Lachitatu, Lachisanu, Loweruka. Mabokosi onse akwana 16, basi mwezi wanu ndi umenewo. Ndikunena za kope chifukwa foniyo ndi yomwe ikulandira Airtel Money ndi Mpamba, ndi yomwe akuimbirapo a maoda, nthawi zina ili pa chaji kwa aneba magetsi atazima, ndiye pulani ikakhala momwemo mtsikana wanu wothandiza uja sangaione. Pa kope aliyense angotsegula nkuona kuti lero Lachitatu tikuika chakuti pa sitetasi ya watsapu.

Ndiye musavutike kuganiza zinthu 16 zosiyana, ayi, tsiku lililonse mulipatse ntchito yake yosasintha. Lolemba ndi la menyu ya sabata ndi mitengo. Lachitatu mbale imodzi yokha, yojambulidwa pafupi. Lachisanu ndi la zokazinga, tchipisi ndi nkhuku, komanso kukumbutsa anthu kuti mumalandira maoda a pa Loweruka. Loweruka muzionetsa za kuseri, kaya thumba la kachewere lomwe langofika kuchokera ku Tsangano, kaya tomato ndi kabichi wa ku Lizulu ali pa tebulo, kaya mapoto otsukidwa atayanikidwa pa thandala. Zimenezi anthu amazitenga ngati zachabe koma munthu wodya kulesitilanti chimene amafuna kudziwa mumtima mwake nchakuti kukhitchini kumeneko nkwaukhondo kapena ayi, ndipo sangakufunseni pamaso.

Chimene chizisintha sabata ndi sabata ndi chakudya cholowa m'mabokosimo, ndipo apa muzitsatira thumba la makasitomala anu. Inu mukuwadziwa bwino kuposa ine, ambiri ndi a m'maofesi a pa boma, aphunzitsi, a kuchipatala, ndiye enawo madalaivala ndi makondakitala a pa depoti ndi anthu odutsa mu M1. A m'maofesiwo ndalama yawo imabwera kumapeto kwa mwezi. Tinene mwayamba kalendala pa 1. Sabata yoyamba anthu akadali ndi kangachepe, Lachitatu limenelo ikani nsima ya nkhuku ya lokolo kapena mpunga wa nyama. Sabata yachiwiri muike zapakatikati, nsima ya mazira, tchipisi cha mazira, zoterozo. Sabata yachitatu ndi imene anthu ambiri amalakwitsa, amaikabe chithunzi cha nkhuku yonona pomwe munthu wangotsala ndi ya thiransipoti, angoyang'ana nkumeza malovu nkupita kukagula mandasi. Sabata imeneyo ikani nyemba, usipa, masamba otendera, ndipo ngati mumagulitsa hafu mbale nenani poyera kuti hafu iliko pa mtengo wakuti, munthu asachite manyazi kufunsa pakauntala pali anzake. Sabata yachinayi malipiro ali pafupi kapena alowa, bwererani ku nkhuku ndi nyama, ndipo Lachisanu lakelo ndi pokumbutsa kuti mumaphikira misonkhano, zinkhoswe ndi magulu a banki m'khonde akamagawana, koma azinena kutatsala masiku awiri ndi kupereka dipoziti.

Mwezi wa Juni ndi Julaye kozizira kwathu kuno mukudziwa mmene kumachitira, ndiye bokosi limodzi la Lolemba mungalisinthe nkuika tiyi wa mkaka wa mmawa, koma limenelo liikidwe 6 koloko osati masana.

Za nthawi ndiimepo pang'ono chifukwa mpamene pagona nkhani. Munthu wa mu ofesi amaganiza kokadya nkhomaliro cha m'ma 11 kupita hafu 11, ikamakwana 12 wapangana kale ndi anzake. Mukaika chithunzi 2 koloko chifukwa mpamene mwapeza mpata wokhala pansi, ndiye kuti mwaonetsa chakudya kwa anthu okhuta. Tcherani alamu ya 11 koloko pa foniyo, muilembe dzina kuti sitetasi, ikalira wina asambe m'manja, atsegule kope, aike, mphindi ziwiri zakwana. Ndipo mugwirizane kuti kuyambira hafu 11 mpaka 2 koloko foni ikhala pakauntala ndi munthu mmodzi woyankha, isalowe m'thumba la epuloni yanu kumoto, chifukwa kuitana anthu pa sitetasi kenako osawayankha kwa ola lathunthu bola osaika nkomwe.

Tsopano zithunzi. Musamajambule tsiku ndi tsiku, simungakwanitse. Sankhani tsiku limodzi lomwe mwaphika ndiwo zambiri, chakudya chikangopsa makasitomala asanayambe kulowa, mupakule mbale imodziimodzi ya chilichonse, mphindi 20 zokha. Tebulo mulikokere pafupi ndi chitseko kapena pawindo pomwe pakulowa kuwala, koma osati padzuwa penipeni, ndipo fulashi izimitsidwe chifukwa imapangitsa msuzi kuoneka ngati mafuta okhaokha ndipo nsima imangoyera mbee osaoneka mtanda. Musanajambule pukutani kagalasi ka kamera ndi kansalu kouma, foni yokhala kukhitchini imagwira utsi ndi mafuta, mukaona zithunzi zikutuluka ngati kuli nkhungu ya mmawa dziwani kuti vuto ndi limenelo, si foni kutha. Pukutaninso m'mphepete mwa mbale pomwe padontha msuzi. Mbale iliyonse muijambule kawiri, kamodzi kuchokera pamwamba kamodzi chammbali, ndiye mbale 6 zikupatsani zithunzi 12, zotsala zinayi ndi za Loweruka zija zomwe mungajambule katundu akamafika. Zonse muziike mu alubamu imodzi mu galare kuti musamasakesake pakati pa zithunzi za ukwati ndi za kutchalitchi.

Koma pakulani mmene mumapakulira kasitomala. Mukaika nthuli zitatu pa chithunzi munthu nkupeza ziwiri pa mbale, sakuuzani kanthu koma sabweranso. Chimodzimodzi, kope likanena kuti lero nkhuku ya lokolo koma simunaipeze pamsika, musaike chithunzicho, sinthanitsani ndi bokosi lina. Mtengo musaulembe pa chithunzi penipenipo, muziulemba m'mawu a pansi, poti mafuta ophikira ndi makala zikukwera mosayembekezera, chithunzi chopanda mtengo mungachigwiritsenso ntchito mwezi wamawa. Mawu ake asachuluke, zinthu zinayi zokha, chakudya, mtengo, nthawi yomwe chipse, ndi malo. Mwachitsanzo, lero nsima ya nkhuku ya lokolo ndi mpiru wotendera, mtengo wakuti, ipsa 12 koloko, tili kuseri kwa depoti, lembani pompano tikusungireni. Mawu amenewa muwalemberetu m'mabokosi a mukope muja Lamulungu madzulo. Makasitomala akudya musawajambule osawapempha, ena amabwera ndi anthu oti kunyumba sakuwadziwa, mungayambitse milandu ya kwa ankhoswe.

Chinthu china chimene anthu ambiri sadziwa, sitetasi ya watsapu imaoneka kwa munthu yekhayo amene inu mwasunga nambala yake ndipo iyenso wasunga yanu. Ndiye mutha kuika zithunzi zokongola mwezi wonse koma owonera nkukhala ife abale anu omwe tili ku Lilongwe ndi ku Joni, osagula ngakhale mbale imodzi. Nchifukwa chake sabata yoyamba ntchito yaikulu ndi kutolera manambala. Lembani nambala yanu pa pepala lalikulu pakhoma pafupi ndi posambira m'manja, ndipo aliyense wolipira mumuuze kuti sungani nambala iyi mutipatse moni pa watsapu muziona menyu tsiku lililonse. Akalemba, nanunso sungani yake pompo, ndi dzina loti mukumbukire, monga kasitomala wa kuchipatala. Nambala zisanu pa tsiku, masiku 6 pa sabata, pakutha pa masabata anayi muli ndi anthu 120 a pa Ntcheu pompo. Kutumizira uthenga kwa anthu ambiri nthawi imodzi kuja nakonso kumafika kwa okhawo omwe anasunga nambala yanu, ndiye palibe chidule.

Ngati simunatero kale, sinthani kupita ku WhatsApp Business, ndi yaulere ndipo nambala ikhala yomweyo, koma yambani mwasunga bakapu ya macheza anu. Mmenemo muli Quick replies, mumalemba yankho kamodzi, la menyu, la malo, la nambala yolipirira, ndiye munthu akafunsa mungodina / nkusankha, osalembanso ndi manja a ufa. Za fesibuku, ngati muli ndi peji, pulogalamu ya Meta Business Suite imalola kukonzeratu kuti chithunzi chidzatuluke chokha tsiku ndi nthawi yomwe mwasankha, koma imadya malo mufoni komanso bandulo, ine ndingati mwezi woyambawu isiyeni kaye, gwirani watsapu yokha mpaka izolowereke. TikTok ndi mavidiyo ataliatali musayambe nkomwe panopa.

Kuti mudziwe ngati zikugwira, pa bokosi lililonse mulembe manambala atatu, anthu omwe aona, omwe afunsa, ndi mbale za chakudya chimenecho zomwe zagulidwa. Oona mumawapeza pa kachizindikiro ka diso pansi pa sitetasi yanu, koma lembani madzulo omwewo mukutseka chifukwa sitetasi imafufutika pakatha maola 24 ndipo nambalayo imapita nayo limodzi. Siikhala yeniyeni ndendende poti ena anazimitsa zosonyeza kuti awerenga, koma poyerekeza sabata ndi sabata ndi yokwanira. Oona akakhala ochepa, vuto ndi manambala osasungidwa, onjezerani khama pakauntala. Oona ambiri koma ofunsa palibe, onani nthawi yomwe munaika, kapena onani mainawo, mwina ndi ife abale. Anthu akamangofunsa kuti zingati kapena muli pati, ndiye kuti mawu a pansi aja mwasiya china. Ofunsa ambiri koma mbale sizikuyenda, pamenepo ndi mtengo kapena foni inachedwa kuyankhidwa.

Mukafika kumapeto kwa sabata yachinayi, mabokosi atatu kapena anayi omwe anagulitsa kwambiri muwakopere mu mwezi wotsatira pa sabata yomweyo, awiri omwe sanachite kanthu muwachotse muyese chakudya china. Mukajambula mizereyo mukope usiku uno, jambulani pejilo munditumizire ndi menyu yanu, tidzaze limodzi mabokosi a sabata yoyamba lisanafike Lolemba.